Mafunso Okwera Pang'onopang'ono: Mmene Nthano ya Kamdothi Ingaphunzitsidwire

M'makalasi ambiri phunziro la nthano limatha ndi funso lakuti, “Kodi nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani?” Manja amakwera msanga, wina n'kuyankha kuti tizimvera makolo, mphunzitsi n'kulemba yankholo pabolodi, belu n'kulira. Zimaoneka ngati phunziro layenda bwino. Koma mwana amene wayankhayo akadapereka yankho lomwelo ngakhale akadagona pamene nthano inkakambidwa, chifukwa limakwanira pa nthano zambirimbiri. Ana abwereza mawu amene amamva kunyumba tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani yeniyeniyo sadaikhudze.

Mphunzitsi angathe kukonza phunziroli mwa njira ina. Asankhe mfundo yaikulu imodzi ya nkhani, ndiye amange phunziro lonse pa mfundoyo ndi mafunso ochepa oyenda ngati makwerero, lililonse loponda pa yankho la linzake. Tione mmene zimenezi zingachitikire m'kalasi la Fomu 2, m'phunziro la mphindi 40, pa nthano ya Kamdothi imene ambiri tidaimva tili ana.

Nthano yake mwachidule

Padali mayi wina amene sadaone mphatso ya mwana, ndipo akazi anzake ankamunyoza. Tsiku lina adapita kudambo kukatapa mtapo, n'kuumba kamwana. Adakasunga m'nyumba mpaka kadakhala ndi moyo, n'kukatcha dzina lakuti Kamdothi. Popeza thupi lake lidali ladothi, mayi adamulamula kuti asamasewere kutali, ndipo akaona mitambo azithamangira kunyumba. Mitambo ikayamba kuda, mayi ankaima pakhomo n'kuimba nyimbo yomuitana. Tsiku loyamba Kamdothi adali pabwalo pomwepo, ndipo adalowa m'nyumba mvula isadagwe. Tsiku lachiwiri adali kumapeto kwa mudzi, ndipo adafika madontho oyamba akugwa. Tsiku lachitatu adatsagana ndi anzake kutali kutchire. Nyimbo adaimva, adathamanga, koma mvula idamupeza panjira ndipo adasungunuka asadafike pakhomo.

Nthanoyi imakambidwa mosiyanasiyana. Kwina mwanayo ndi mtsikana, kwina mayiyo ali ndi mwamuna, kwinanso maulendo amachuluka. Choncho mphunzitsi ayambe wasankha kakambidwe kamodzi ndi kuuza ophunzira kuti lero umboni wonse uchokera pamenepo. Akapanda kutero, kukambirana kukafika potentha wina adzati agogo ake sadakambe choncho, ndipo mtsutso wa mfundo udzasanduka mkangano wa amene akukumbukira bwino.

Kupeza mfundo yaikulu

Ntchito yaikulu imachitika madzulo, mphunzitsi akulemba chikonzero cha phunziro. Ambiri akafunsidwa mfundo yaikulu ya Kamdothi amatchula mawu amodzi monga kusamvera, kusabereka kapena chikondi. Mawu amenewa akungotchula zimene nkhaniyo ikukhudza, koma sakunena zimene ikutiuza pa zinthuzo. Pa mawu amodzi palibe chokambirana, chifukwa palibe amene angavomereze kapena kutsutsa mawu akuti “chikondi”. Mfundo yaikulu iyenera kukhala chiganizo chathunthu chimene munthu wanzeru angathe kukangana nacho.

Kuti achipeze chiganizocho, mphunzitsi adzifunse zinthu zitatu. Kodi ampangankhani akufuna chiyani? Mayi akufuna mwana woti akhale naye, pamene Kamdothi akufuna kusewera monga ana ena onse. Kodi n'chiyani chikubwerezedwa? Mitambo, nyimbo, ndi mtunda umene ukunka nutalika. Nanga pomaliza chasintha n'chiyani? Mayi wabwerera pamene adayambira, ali yekha. Tikaphatikiza mayankho atatuwa, pakutuluka chiganizo chonga ichi: chikondi cha kholo chingachenjeze mwana, koma sichingamuletse kufuna kukhala ngati anzake, ngakhale pamene kufanana nawoko kuli koopsa.

Chiganizo chotere chiyesedwe chisadalowe m'kalasi. Mphunzitsi athe kuloza malo osachepera atatu m'nkhani amene akuchichirikiza, chifukwa mfundo yodalira chochitika chimodzi chokha si yaikulu. Chisatchulenso dzina la mpangankhani, kuti chithe kugwira ntchito pa moyo wa anthu ena. Ndipo pakhale mpata woti wophunzira anene kuti iye akuona mosiyana. Ngati kalasi lonse lingavomereze nthawi yomweyo popanda wozengereza, ndiye kuti chimene mphunzitsi walemba ndi langizo chabe.

Chiganizochi mphunzitsi sachilemba pabolodi poyamba. Amachisunga m'chikonzero chake kuti chimuthandize kusankha mafunso, ndi kutaya funso lililonse limene silikulunjika kumeneko, ngakhale likhale losangalatsa.

Funso lomaliza lilembedwe poyamba

Maganizo osanja mafunso molingana ndi kuzama kwake adatchuka chifukwa cha Benjamin Bloom wa ku America ndi anzake, amene mu 1956 adagawa ntchito za kuganiza m'magawo asanu ndi limodzi. Mu 2001 Lorin Anderson ndi David Krathwohl adatsogolera gulu limene lidawakonzanso, ndipo tsopano amayenda motere: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kuzukuta, kuweruza ndi kupanga chatsopano. Aphunzitsi amawaphunzira kukoleji, koma vuto limabwera akamaganiza kuti phunziro lililonse likhale ndi funso limodzi pa gawo lililonse, mosasamala ngati mafunsowo akugwirizana. Zikatero pamatuluka mafunso asanu ndi limodzi oyang'ana mbali zisanu ndi imodzi.

Njira yabwino ndi kuyamba kulemba funso lovuta limene mphunzitsi akufuna kuti ana alimbane nalo pomaliza, kenako n'kumatsika. Pa Kamdothi funsolo lingakhale lakuti, “Ndani ali ndi mlandu waukulu pa imfa ya Kamdothi?” Mphunzitsi adzifunse kuti mwana ayenera kudziwiratu chiyani kuti ayankhe funsoli ndi umboni. Ayenera kudziwa lamulo limene lidaperekedwa, chimene chidakakamiza mayi kuumba mwana, ndi chimene chinkakokera Kamdothi kutali. Chilichonse mwa izi chimasanduka funso lapansi. Motero palibe funso lofunsidwa pongofuna kuona ngati ana amamvetsera, popeza lililonse likusonkhanitsa zimene adzagwiritse ntchito pamwamba.

Mafunso asanu ndi limodzi m'kalasi

Nthano ikatha kukambidwa kapena kuwerengedwa, funso loyamba ndi lakuti, “Kodi mayi adamupatsa Kamdothi lamulo lotani, ndipo mitambo idabwera kangati?” Yankho lili poyera m'nkhani. Funsoli lipite kwa ophunzira amene kawirikawiri sakweza dzanja, chifukwa mwana amene walankhula kamodzi n'kukhoza savutika kulankhulanso kutsogolo. Mphunzitsi alembe pabolodi masiku atatuwo ndi malo amene Kamdothi adali tsiku lililonse, ndipo asawafute.

Funso lachiwiri likuti, “Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chimene mayiyu adaumbira mwana.” Ambiri adzati ankafuna mwana. Yankholi ndi loona koma ndi losakwanira, choncho mphunzitsi awonjezere kuti, “Nanga akazi anzake aja akulowapo bwanji?” Apa wina adzazindikira kuti mayi adaumba Kamdothi pothawa chitonzo, kuti nayenso aoneke ngati akazi ena. Yankho limeneli lilembedwe pakona ya bolodi, chifukwa lidzafunika posachedwa.

Funso lachitatu ndi pamene kukwera kumayambira: “Taonani masiku atatu ali pabolodiwa. N'chiyani chikusintha, ndipo mukuganiza kuti chikusintha chifukwa chiyani?” Gawo loyamba ndi losavuta, mtunda ukutalika. Gawo lachiwiri nthano siinena, ndipo mwana ayenera kulipeza yekha polumikiza zochitika. Ena adzati Kamdothi adayamba kudzidalira atapulumuka kawiri. Ena adzati ana akamakula masewera awo amasunthira kutali, ndiye akadatsala pabwalo akadatsala yekha. Mayankho onse awiri ali ndi poyambira m'nkhani, ndipo mphunzitsi asathamangire kusankhapo limodzi. Angofunsa kuti, “Chimene Kamdothi ankafuna chikusiyana pati ndi chimene mayi ake ankafuna poyamba paja?” Ana akayang'ana pakona ya bolodi amaona okha kuti mayi ndi mwana ankalakalaka chinthu chimodzi, kufanana ndi anzawo. Mfundo yaikulu yayamba kuonekera, mphunzitsi asadaitchule.

Funso lachinayi limachotsa maso pa zochitika n'kuwaika pa luso la wokamba: “M'nthano zambiri mwana wosamvera amagwidwa ndi fisi kapena ng'ona. N'chifukwa chiyani muno mdani wake ndi mvula?” Funsoli likambidwe awiriawiri kwa mphindi zitatu lisadayankhidwe pagulu. M'kalasi la ana 70 kapena kuposa, kugawa magulu akuluakulu kumadya nthawi pokoka madesiki, ndipo m'gulu la anthu khumi olankhula amakhala awiri okha. Koma aliyense ali ndi mnzake amene wakhala naye pafupi. Yankho limene mphunzitsi akuyembekezera ndi lakuti fisi ndi woopsa kwa mwana aliyense, pamene mvula ndi dalitso kwa mudzi wonse. Alimi amaiyembekezera, ana ena amasewera m'menemo mosangalala, ndipo imapha Kamdothi yekha. Wokamba nthano adasankha mdani amene akuonetsa kuti Kamdothi ndi wosiyana ndi anzake, komanso mdani amene palibe angamupitikitse m'mudzi. Wophunzira amene wafika pa ganizo ili waona chinthu chimene langizo lakuti tizimvera makolo silikadamuonetsa.

Tsopano ana akonzeka kulandira funso lachisanu lija: “Ndani ali ndi mlandu waukulu pa imfa ya Kamdothi: iye mwini, mayi ake, anzake osewera nawo, kapena akazi onyoza aja? Perekani zifukwa ziwiri zochokera m'nkhani.” Mawu omalizawo ndiwo amagwira funso lonse, chifukwa popanda iwo ana amangonena zakukhosi. Tiyerekeze kuti mtsikana wina akuti mlandu ndi wa mayi, popeza adaumba mwana akudziwa kuti dzinja limabwera chaka chilichonse, ndiponso sadauze ana ena za vuto la mwana wake. Mnyamata wina n'kutsutsa kuti Kamdothi adachenjezedwa, ndipo tsiku lachiwiri madontho adamukhudza, choncho ngozi ankaidziwa. Mphunzitsi asagamule. Afunse wachitatu kuti, “Mwa zifukwa zimene mwamvazi, cholemera kwambiri ndi chiti?” Potero ana amayamba kuyankhana okhaokha m'malo moponyera mayankho onse kutsogolo. Apa chimene chikuyesedwa si mbali imene mwana wasankha koma mphamvu ya umboni wake.

Funso lachisanu ndi chimodzi ndi ntchito yokachitira kunyumba: “Lembani mathero ena, m'mene Kamdothi wamvera ndipo sadachokenso pakhomo mpaka kukula. Kodi mathero anuwo ndi osangalatsa? Fotokozani m'ndime imodzi.” Mwana amene wamvetsa mfundo yaikulu adzapeza kuti matherowa nawonso ali ndi chisoni chake, chifukwa Kamdothi wapulumuka koma watsala wopanda mnzake. Amene sadaimvetse adzangolemba kuti adakhala mosangalala mpaka kalekale, ndipo mphunzitsi adzadziwa poyambira mawa.

Mphindi 40 zija zingagawidwe motere: 10 zoyambira ndi kukamba nthano, 5 za mafunso awiri oyamba, 12 za funso lachitatu ndi lachinayi, 9 za funso lachisanu, ndi 4 zomalizira. Mafunso apansi atenge nthawi yochepa kwambiri. Kawirikawiri zimachitika mosemphana, theka la phunziro limathera pa kufunsa mayina ndi malo, belu n'kulira funso lenileni lisadafunsidwe.

Zimene zimasokonekera

Cholakwika chofala ndi kulumpha. Mphunzitsi akachoka pa funso loyamba n'kufika pa lachisanu, kalasi limangoti zii, kapena amayankha ana awiri omwe aja a masiku onse. Zikatero asafulumire kunena kuti ana ndi ofooka. Atsike sitepe imodzi, afunse funso laling'ono lolozera pabolodi, kenako akwerenso.

Koma si chete aliyense amene akusonyeza kulephera. Mary Budd Rowe, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, adapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika komanso oyankha amachuluka. Funso la mvula lija silingayankhidwe m'sekondi imodzi. Mphunzitsi amene amaopa chete n'kuyankha yekha amaphunzitsa ana kuti akangodekha pang'ono yankho libwera lokha.

Vuto lina ndi funso looneka lovuta pamene silifuna kuganiza. Kufunsa dzina la dambo kumene mayi adatapa mtapo kungagonjetse kalasi lonse, koma kwangoyesa kukumbukira kanthu kosafunika. Chimodzimodzinso, funso loyamba ndi mawu akuti “zukutani” silikhala lozama chifukwa cha mawuwo. Ngati dzulo mphunzitsi adalembetsa manotsi ofotokoza tanthauzo la mvula m'nthanoyi, lero funso lachinayi latsikira pansi penipeni, chifukwa ana angobwereza zam'kope. Chizindikiro chake n'chakuti mayankho onse amafanana mawu ndi mawu. Palinso funso lonyamula yankho lake, monga lakuti, “Kodi si zoona kuti Kamdothi adalakwa posamvera?” Kalasi lonse limayankha pamodzi kuti “Eee!” ndipo palibe amene waganiza.

Mwambi nawo ungatseke kukambirana. Pa funso lachisanu wina adzaimirira n'kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera, anzake n'kuomba m'manja ngati mlandu watha. Mphunzitsi ayamikire mwambiwo, koma afunse kuti, “Kodi ukukwanira pa nthano yonse? Ndi mbali iti imene ukuisiya?” Ana adzaona kuti mwambiwu ukunena za Kamdothi yekha, ndipo sukukhudza akazi onyoza aja kapena kusungulumwa kwa mwana woletsedwa kusewera.

Pomaliza pali kusochera. Funso lozama limakumbutsa ana za kwawo, ndipo posakhalitsa akukamba za msuweni wina kapena filimu imene adaonera. Pang'ono pokha zimathandiza, koma pakadutsa mayankho atatu popanda wotchula chochitika cha m'nkhani, mphunzitsi abweze kalasi pofunsa kuti, “Zimenezi tikuziona pati mwa Kamdothi?” Asamalenso pofanizira nthanoyi ndi moyo weniweni. M'kalasimo mungakhale mwana wodwaladwala amene makolo amamuletsa zimene anzake amachita, kapena wochokera kubanja limene lidatonzedwapo chifukwa chosowa ana. Asaloze munthu kapena kukakamiza wina kukamba za kwawo. Nkhani ya Kamdothi ndi yokwanira kuti mwana wotere aganize za moyo wake popanda kuonekera.

Kudziwa ngati phunziro lagwira

M'mphindi zinayi zomalizira, wophunzira aliyense alembe m'kope chiganizo chimodzi chonena zimene nthanoyi ikunena za makolo ndi ana, osatchula dzina la Kamdothi, ndi chochitika chimodzi chochichirikiza. Mphunzitsi atolere makope khumi kuchokera kutsogolo, pakati ndi kumbuyo kwa kalasi. Ngati ambiri alemba kuti tizimvera makolo basi, makwerero aja adaduka penapake, ndipo kawirikawiri ndi pa funso lachitatu. Ngati ziganizo zikusiyana koma chilichonse chili ndi umboni, phunziro lagwira, ngakhale pasapezeke chofanana ndendende ndi cha m'chikonzero. Mwana angalembe kuti chitonzo cha anthu chimakankhira munthu ku zinthu zimene zidzamupweteke, ndipo mfundo imeneyi ilimodi m'nthanoyi. Nkhani yabwino imakhala ndi mfundo zingapo, ndipo mphunzitsi adasankha imodzi chifukwa mphindi 40 sizinganyamule zonse.

Pa buku lalitali monga Nthondo, limene Samuel Josiah Ntara adalemba ndipo lidatuluka mu 1933, dongosolo ndi lomweli koma limatambasuka pa milungu ingapo. Funso lapamwamba, monga lakuti n'chiyani kwenikweni chimasintha khalidwe la munthu, limasungidwa mpaka kumapeto, ndipo mutu uliwonse wa bukulo umakhala ndi mafunso ake ang'onoang'ono osonkhanitsa umboni. Luso lopereka mfundo ndi kuichirikiza ndi zochitika za m'buku ndi lomwenso wophunzira adzafune polemba chimangirizo pa mayeso a MSCE, choncho nthawi yokambirana sikuti yabedwa ku kukonzekera mayeso.

Inu makolo ndi agogo amene mumakambabe nthano madzulo, mungayese zomwezi popanda bolodi kapena choko. Nthano ikatha, musayambe ndi kufunsa phunziro lake. Funsani kaye chimene chidachitika, kenako chifukwa chake, kenako amene mwanayo akumuona wolakwa ndi pamene waonera zimenezo m'nthanomo. Akayankha zosiyana ndi zimene inu mumaganiza, mufunseni umboni wake musadamukonze.